Madzi Olemera Kuposa Dziko Lapansi

Pa Lisungwi, ukadutsa pamene pamaima maminibasi n'kulowera chakumsika, pali sitolo ya misomali, mahinjesi ndi penti ya a Gerishon Dzumani. Kale pakhonde pa sitoloyo pankakhala telala, munthu amene ankayeza phewa lako ndi diso lokha jekete n'kukukwana. Telalayo anamwalira, makina ake anagulitsidwa, ndipo anthu tsopano amavala za pakaunjika, zimene ena kutali anatopa nazo. Chimene chinatsala pakhondepo ndi benchi yaitali yamatabwa. Pa benchi imeneyo ndi pamene ana a Fomu 3 a sekondale yoyendera ya m'deralo ankalembera homuweki akaweruka.

Sikuti ankakonda fungo la penti. Ankatsata kakyuleta.

A Dzumani anaigula ku Blantyre chaka chimene Christabel, mwana wa mlongo wawo, analowa Fomu 3. Inali kakyuleta yasayansi, yamabatani ambirimbiri, ndipo m'kalasi yonse ya sayansi munali zitatu zokha zotere. Ziwiri zinazo eni ake ankakhala kutali, wina cha ku Matope, wina ku Luwani. Choncho ana a pa Lisungwi ankabwera kwa a Dzumani, ndipo a Dzumani anali ndi lamulo lawo: mwana asakhudze.

"Zala zanuzo zazolowera kukanda mafoni," ankatero. "Iwe werenga funso, ine ndidinde, ndikuuze. Basi."

Mwana ankawerenga mokweza, iwo n'kumadinda motsatira mawu ake, magalasi ali pamphuno. Yankho likatuluka ankayamba atseka maso, milomo ikugwedera, kenako n'kunena kuti, "Eya, zikugwirizana ndi za m'mutu mwangamu." Palibe mwana anafunsapo kuti m'mutumo munatuluka chiyani.

Panalibe chifukwa chofunsira. Mu 1976 a Dzumani anali mwana yekhayo wa pasukulu yawo amene anasankhidwa kupita kusekondale, ndipo anthu anawaperekeza mpaka pamsewu akuimba. M'kabati ya m'sitolo, pamodzi ndi makiyi akale, ankasungamo kabuku ka malogi, kofiirira ndi ukalamba, kamene ophunzira a nthawi imeneyo ankachulukitsira ndi kugawira manambala kusanabwere makina. Ankakatulutsa kawirikawiri, koma kukatsegula ayi.

"Ife tinkadziwa kukula kwa nambala tisanaipeze," ankauza anawo, akumenyetsa kabukuko pachikhatho. "Inu makina akakuuzani kuti mbuzi ili ndi miyendo sikisite mulemba sikisite."

Pamenepa sankanama. Zinalidi choncho, ndipo ena a ife timakumbukirabe. Kungoti kukumbukira kuti unkadziwa chinthu ndi kuchidziwa ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Teremu yoyamba yonse zinayenda bwino, chifukwa mafunso a sitandadi fomu amene ankafika pakhondepo anali ochulukitsa okhaokha. Sitandadi fomu ndi njira yolembera nambala yaikulu kwambiri kapena yaing'ono kwambiri popanda kundandalika maziro: umalemba nambala yoyambira pa 1 koma yosafika 10, n'kuichulukitsa ndi 10 wokhala ndi kanambala pamwamba, kamene ana amakatcha pawa. Pawa ikakhala 23, ndiye kuti mateni 23 achulukitsana. Ikakhala ndi kamzere ka mainasi, ukugawa ndi mateniwo, ndipo chinthucho ndi chochepetsetsa. Pochulukitsa, kaya udinda motani motsatira mawu, yankho limatuluka lomwelo. Mbiri ya a Dzumani inakula.

Lachiwiri lina Madamu Sapuwa, amene ankaphunzitsa fizikisi ndi kemisitiri yemwe chifukwa mphunzitsi winayo anasamutsidwa osabweranso wina, anapereka mafunso awiri ogawa. Ananenanso poyera chimene aliyense ankachidziwa kale: kalasi ya sayansi inali ndi ana 58, chipinda choyeseramo zinthu chimakwana 40, ndipo pakutha pa teremu mayina ena achoka pamndandanda. Oyamba kuchoka akhala okopera.

Christabel ankafuna unamwino kuyambira ali Sitandade 5, tsiku limene anaona namwino wa pachipatala akusoka phazi la mchimwene wake uku akumufunsa za mpira. Popanda sayansi, unamwino kulibe. Mafunso awiriwo anawalemba nthawi yopuma, ndi pensulo, atakhala pansi pa mtengo.

Loyamba: m'kapu muli mamolekyu a madzi 3.01 × 10²³. Molo imodzi ndi mulu wa mamolekyu 6.02 × 10²³. Kodi m'kapumo muli mamolo angati? Anagawa 3.01 ndi 6.02, n'kupeza 0.5. Mapawa, poti akugawa, anawachotserana: 23 kuchotsa 23, ziro, ndipo 10 pawa ziro ndi 1. Analemba 0.5, pambali pake 5 × 10⁻¹.

Lachiwiri: kadontho ka mafuta kali ndi chaji ya magetsi ya 4.8 × 10⁻¹⁹ C, pamene elekitironi imodzi ili ndi 1.6 × 10⁻¹⁹ C. Maelekitironi owonjezera pa kadonthoko ndi angati? Atatu.

Masana pakhonde panali ana khumi ndi mmodzi, kuphatikizapo Christabel. Mayamiko, mnzake wa Christabel, ndiye anali ndi mawu omveka, choncho anawerenga ndi iyeyo.

"3.01, kuchulukitsa ndi teni pawa 23."

"Eya."

"Kugawa ndi 6.02, kuchulukitsa ndi teni pawa 23."

A Dzumani anadinda ndendende monga anamvera. Anatseka maso, milomo inagwedera.

"5 kuchulukitsa ndi teni pawa 45. Zikugwirizana."

Mabolopeni khumi anagwa pamapepala. Funso lachiwiri linatuluka 3 × 10⁻³⁸, ndipo nalonso linagwirizana ndi za m'mutu. Kenako a Dzumani anaona kuti mwana wa mlongo wawo wangokhala, kope lili pamiyendo.

"Iwe, sukulemba bwanji?"

"Ndinalemba kale, malume."

"Tione." Analiyandikitsa kumaso, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Hafu! Tamverani anzanu. Manambala onsewa, maziro oti utawandandalika angafike pa Zalewa, iye akuti yankho ndi hafu. Ndipo uku akuti fili. Ngati akugula mandasi!"

Anawo anaseka, Mayamiko yemwe.

"Ndimaganiza kuti mapawa amachotserana..." anatero Christabel.

"Umaganiza. Sayansi ndi chinthu chachikulu, mwana iwe, mayankho ake amakhalanso aakulu. Fufuta. Ukufuna kukandichititsa manyazi kusukulu, anthu azikati m'nyumba mwa Dzumani muli kakyuleta koma mulibe nzeru?"

Amenewa anali malume ake, mwini mbumba, amene anamugulira yunifolomu ndi nsapato bambo ake atapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Anzake khumi ankamuyang'ana. Christabel anatenga labala.

Lachinayi Madamu Sapuwa analowa m'kalasi ndi makope khumi ndi limodzi padera, ndi kapu yapulasitiki. Anathiramo madzi timasipuni tiwiri ta tiyi, n'kuikweza.

"Hafu ya molo ya madzi ndi iyi. Magalamu 9. Nkhuku ikhoza kumwa osakhuta. Tsono pali akatswiri khumi ndi mmodzi muno amene apeza mamolo 5 × 10⁴⁵ m'kapu yomweyi. Tiyeni tiwathandize kunyamula."

Analemba pabolodi. Molo imodzi ya madzi ndi magalamu 18, choncho madzi a akatswiriwo ndi magalamu 9 × 10⁴⁶, kapena kuti makilogalamu 9 × 10⁴³. Dziko lonse lapansi, ndi mapiri ake, Shire, ndi sukulu ino, limalemera pafupifupi makilogalamu 6 × 10²⁴.

"Ndiye kuti m'kapu mwanu muli maiko apansi 1.5 × 10¹⁹. Mayamiko, unanyamula pamutu kapena unachita hayala kabaza?"

Kalasi inagwa nako kuseka.

"Ndipo elekitironi, imene siduka, inu mwaidula mpaka 3 × 10⁻³⁸. Mpeni wake mundibwereke. Tsopano, anthu khumi ndi mmodzi salota loto limodzi. Yankho ili linachokera kuti?"

Wina kumbuyo anati, "Kwa a Christabel."

"Christabel, unawapatsa ndiwe?"

"Ndinalakwitsa ndine, Madamu."

"Sindinafunse zimenezo."

"Ndinalakwitsa ndine."

Madamu anamuyang'ana kwa nthawi. "Anzakowa alemba mayeso ena Lolemba, aliyense payekha, tione amene atsale. Iwe nkhani yako ndi ina. Mawa ubwere ndi amene anakupatsa yankho ili. Ukabwera wekha, dzina lako ndilichotsa mawa lomwelo."

Christabel anakauza mayi ake, a Clara, amene anawapeza akusankha nyemba. A Clara anaika lichero pansi, namanga chitenje, napita kusitolo. Iwo sankadziwa molo, koma mchimwene wawo ankamudziwa bwino.

"Achimwene, mwana akuchotsedwa sayansi chifukwa cha masamu anu."

"Masamu anga? Kamphunzitsi kaja kobadwa dzana kakutsutsa masamu anga?"

"Ine sindikudziwa wotsutsa ndani. Mukuitanidwa."

"Ndipita. Ndikakaphunzitse pamaso pa ahedi ake."

Lachisanu m'mawa a Dzumani anatseka sitolo, chinthu chimene ankachita pa maliro pokha. Anavala jekete imene telala uja anawasokera, kakyuleta m'thumba lina, kabuku ka malogi m'thumba linalo. Njira yonse ankalozera Christabel zimene zinawonongeka: apa panali mitengo ya mibawa, makala anadya; apa panali bwalo la mpira, pano ndi mabala atatu ndi tchalitchi chamalata. Christabel ankangoti "eya, malume."

Madamu Sapuwa anawalandirira m'chipinda choyeseramo zinthu, ana ena ali panja. Anawapatsa mpando wawo womwe, n'kuwapatsa moni ndi manja awiri.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Pepani takuchotsani pantchito."

"Tadzuka. Ine sindichedwa, mayi. Sayansi ndinaiphunzira inu musanabadwe, kwa aphunzitsi enieni, oti akalowa m'kalasi ngakhale ntchentche inkakhala pansi. Ndamva kuti mukutsutsa yankho."

"Ndikutsutsadi, bambo. Koma sindinakuitanireni zimenezo." Anatsegula kope la Christabel, n'kutembenuza tsambalo, n'kuliimika pawindo. Kuseri kwake, pamene pensulo inadinda mwamphamvu, pankaoneka timizere totukuka: 0.5, ndi 3 m'munsi mwake. "Mwanayu anapeza mayankho olondola onse awiri. Kenako anafufuta. Wokopera ndimadziwa chochita naye. Koma uyu akufuna kukakhala namwino. Tsiku lina wamkulu wake adzalemba mlingo wa mankhwala poyinti ili polakwika, mwana wa munthu ali pabedi. Iye adzaona. Ndiye adzatani, adzatenga labala?"

A Dzumani anatsegula pakamwa, koma Madamu anali atatembenukira kale kwa Christabel, choko chili m'manja.

"Ine sindiwauza kanthu. Uwauze ndiwe. Osati ine, osati bolodi. Iwowa. Ukalephera, pita ukatenge chikwama chako."

Christabel analandira chokocho. Anayang'ana simenti.

"Mwina kakyuleta ija batire..."

"Ayi," anatero Madamu.

"Kapena Mayamiko anawerenga mothamanga..."

"Mayamiko anawerenga bwino. Watsala ndi mwayi umodzi."

Panja wina ankamenya belu, chitsulo cha tayala la galimoto chopachikidwa pamtengo. Christabel anadikira kuti lithe. Kenako anakweza mutu.

"Malume, munalakwitsa ndinu."

"Ukuti chiyani?"

"Munalakwitsa podinda. Makina aja sadziwa kuti 6.02 ndi teni pawa 23 ndi nambala imodzi. Amatsata mzere. Munawauza kuti gawa ndi 6.02, anagawa. Kenako munawauza kuti chulukitsa ndi teni pawa 23, anachulukitsa. Ndiye m'malo mochotserana, mapawa anaphatikizana, 23 ndi 23, kukhala 46. Hafu ya teni pawa 46 ndiye 5 × 10⁴⁵ uja." Ankalemba uku akulankhula. "Munayenera kutsekera nambala yachiwiriyo m'mabulaketi, kapena kudinda batani lija lolembedwa EXP, limene limamata pawa ku nambala yake. Ku funso lachiwiri ndi chimodzimodzi: mainasi 19 ndi mainasi 19 anakhala mainasi 38. Komanso, malume, nambala yapamwambayo ndi hafu ya yapansiyo. Zikuoneka ndi maso. Sipafunikanso makina."

A Dzumani anaimirira pang'onopang'ono. Nkhope inali itada.

"Mwana ndamulera ndekha. Chabwino. Tisiye makina. Tione zimene anganene akuluakulu."

Anatulutsa kabuku ka malogi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi anayi ndi mphambu, anakatsegula. Munagwa kachidutswa ka phiko la mphemvu. Analanda choko m'manja mwa Christabel.

Chodabwitsa n'chakuti dzanja linkakumbukira. Chala chinatsika ndi mzere, chinapita kumanja, chinaima. Analemba ndi zilembo zopendekeka zokongola zimene masiku ano palibe amaziphunzitsa.

"Taonani, mayi, mmene tinkachitira. Pawa imakhala kutsogolo, poyera, siibisala. Logi ya 3.01 × 10²³ ndi 23.4786. Logi ya 6.02 × 10²³ ndi 23.7796. Pogawa timachotsera." Anajambula mzere ndi dzanja limodzi, wowongoka ngati wa lula. "Sikisi kuchotsa sikisi, ziro. Eyiti kuchotsa naini, tibwereke..."

Anafika kumapeto. Kuseri kwa poyinti kunatsala 6990. Kutsogolo, 23 kuchotsa 23, kuchotsanso imodzi imene anabwereka. Analemba 1, n'kuika kamzere pamwamba pake, chizindikiro chakale cha mainasi. Choko chinaima pamenepo. Anabwerera m'kabuku, kumasamba akumbuyo, kufuna nambala imene logi yake ndi .6990. Anaipeza. Anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anayang'ananso.

Faifi. Faifi, kuchulukitsa ndi teni pawa mainasi wani.

M'chipindamo mpopi unkadontha m'beseni, ngakhale kuti madzi anali atasiya kutuluka bwinobwino chaka chatha.

"Zikugwirizana ndi za m'mutu, bambo?" anafunsa Madamu Sapuwa, mwaulemu wonse.

A Dzumani anayang'ana mphunzitsiyo, kenako Christabel, amene sanayang'anenso simenti. Anapukusa mutu, koma m'mphuno munatuluka kamphepo kofanana ndi kuseka.

"Hafu," anatero. "Ngati mandasi." Anaika choko patebulo. "Mayi, mwanayu sanakopere ndipo sanakopetse. Ana aja ndinawalembetsa ndine, uyu ndinamufufutitsa ndine. Ngati pali wochoka pamndandanda, chotsani Dzumani."

"Inu simunalembetse, bambo. Koma Lolemba pa mayeso a anzake aja pali desiki yotsala."

"Ndili ndi sitolo."

Madamu anatenga pepala la mayina, analiyang'ana, n'kulibwezera m'kabati osalemba kanthu. "Christabel, belu lalira kalekale. Pita m'kalasi. Bambo, izi musafufute. Ndikufuna ana aone mmene pawa imaonekera munthu akaiika kutsogolo."

Pofika Loweruka, msika wonse wa Lisungwi unali utamva nkhaniyi kuchokera kwa mwini wake. A Dzumani anauza wogulitsa tomato, anyamata a kabaza ndi aliyense wofuna misomali kuti anapita kusekondale, anaima pabolodi, ndipo ndi kabuku ka 1976 anatsimikiza kuti yankho la kakyuleta linali labodza. Mphunzitsi mpaka anapempha kuti zisafufutidwe. Munalibe liwu limodzi lonama m'menemo. A Clara, amene anamva kawiri konse, anangoti, "Ee, achimwene, mwatithandiza," n'kupitiriza kusankha anyezi.

Lachiwiri lotsatira ana anabweranso pa benchi, asanu ndi atatu okha, chifukwa mayeso a Lolemba anali atadya atatu. Mayamiko, amene anapulumuka ndi malikisi awiri, anatsegula kope kuti awerenge. A Dzumani anatulutsa kakyuleta, anaiyang'ana ngati munthu amene wawanamizira kubwalo, n'kuikankhira kumapeto kwa benchi kumene kunakhala Christabel.

"Dinda ndiwe. Maso angawa atopa ndi tinambala ta masiku ano. Koma uyambe wanena kukula kwa yankho usanakhudze batani."

"Pafupifupi teni pawa mainasi 4, malume."

A Dzumani anatseka maso. Milomo inagwedera nthawi yaitali kuposa kale, ndipo zala zinkawerenga pa bondo.

"Tadikira," anatero. "Werenganso funsolo."